Kuwiritsa Mabotolo a Mwana: Mphindi Ziyambe Kuwerengedwa Liti?

Funso loti botolo la mwana liwire nthawi yaitali bwanji lili ndi mayankho atatu, ndipo onse anachokera kwa akatswiri. Malangizo amene mabungwe a WHO ndi FAO anatulutsa mu 2007 onena za kakonzedwe ka mkaka waufa wa makanda amati zipangizo zonse zimizidwe m'madzi, poto avundikiridwe, madziwo awire mpaka kubwata, ndipo poto akhale chivundikirire mpaka nthawi yofuna botolo. Sanatchule mphindi. Bungwe la CDC la ku America limati ziwire mphindi 5. Bungwe la NHS, limene limayendetsa zipatala za boma ku Britain, limati mphindi zosachepera 10. Mayi amene wamva zonsezi angaganize kuti akatswiriwo sakugwirizana, mwinanso kuti nkhaniyo ndi yongoyerekeza.

Si yongoyerekeza ayi. Onsewa akugwirizana pa mfundo yaikulu, yoti kutentha kwa madzi obwata kufike pa kachigawo kalikonse ka botolo kamene mkaka umakhudza. Amasiyana pa kuchuluka kwa nthawi yapadera imene amaonjezera poganizira zolakwika za kukhitchini. Kwa munthu wophika pa mbaula kapena pamafuwa, wotunga madzi pamjigo kapena pachitsime, ine ndimalimbikitsa mphindi 10. Komabe nambalayo payokha siteteza mwana. Chimene chimasokonekera kawirikawiri ndi poyambira kuwerenga: ambiri amayamba pamene atereka poto pamoto, ena pamene aona timathovu toyamba. Mphindi 10 zimenezi zimayamba pamene madzi abwata kwenikweni, zinthu zonse zili pansi pa madzi, ndipo zinatsukidwa kale.

Madzi obwata ndi ati?

Madzi akakhala pamoto amadutsa masitepe angapo, ndipo awiri oyambawo amanyenga maso. Poyamba pansi ndi m'mbali mwa poto mumamera timathovu ting'onoting'ono tomatirira ku chitsulo. Timeneti si nthunzi, koma mpweya umene unali wosungunuka m'madzi, umene ukutuluka chifukwa madzi afunda. Pa nthawiyi madzi akadali kutali ndi kuwira. Kenako poto amayamba kulira, utsi wa nthunzi ukuoneka pamwamba, thovu limodzilimodzi likukwera kuchokera pansi n'kuzimirira lisanafike pamwamba. Apa madzi apansi, ogundana ndi moto, ndi otentha kwambiri, koma apamwamba sanafikepo.

Kubwata ndi pamene mathovu akuluakulu akukwera mosalekeza poto yense, madzi akugudubuzika, chivundikiro chikunjenjemera. Njira yosavuta yotsimikizira ndi kuvundula ndi supuni yoyera: madzi ongolira chabe amakhala bata mukawavundula, koma obwata amapitiriza kugudubuzika. Chizindikiro chimenechi n'chofunika chifukwa m'nyumba zathu mulibe choyezera kutentha kwa madzi. Madzi akagudubuzika chonchi, timadziwa kuti poto yense, pansi ndi pamwamba, wafika pa kutentha kofanana, pafupi ndi madigiri 100.

Pali chinthu china chimene chimapulumutsa makala. Madzi akangobwata, kusonkhezera moto sikuwatenthetsa kuposa pamenepo. Moto woonjezerawo umangosandutsa madzi ambiri kukhala nthunzi, poto n'kuphwa msanga. Choncho madzi akabwata mungachepetse moto, kutseka pang'ono kakhomo ka mbaula kapena kuphulako nkhuni imodzi, malinga ngati kugudubuzika kuja sikuleka.

Chifukwa chake botolo limafuna nthawi yoposa ya madzi akumwa

Tizilombo tambiri toyambitsa kutsegula m'mimba sitipirira kutentha. Mkaka wa ng'ombe wa m'mapaketi umene amauteteza ndi njira ya Pasteur amangoutenthetsa kufika madigiri 72 kwa masekondi 15. Mabakiteriya monga Salmonella, E. coli ndi aja oyambitsa kolera amafa madzi asanafike n'komwe pobwata. N'chifukwa chake madzi akumwa amangofuna kubwata mphindi imodzi: kachilombo koyandama m'madzi kamatenthedwa pamodzi ndi madziwo, kalibe pobisala.

Pa botolo pali pobisala pambiri. Kachilombo kangakhale m'mizere ya pakamwa pa botolo momwe chomangira chimapotera, m'kabowo ka titi, pansi pa mphepete mwa titi pomwe imagona pa chomangira, kapena m'mikwingwirima ya pulasitiki yakale. Pulasitiki ndi labala sizilola kutentha kudutsa msanga. Zili ngati mbatata yaikulu mu mphika: madzi akubwata kale, khungu lapsa, koma m'kati mukadali gwa, ndipo pamafunika nthawi kuti kutentha kulowe. Mphindi zoonjezera zija ndi zopatsa mpata kutentha kuti kufike m'makona onsewo.

Mdani wamkulu ndi mpweya wotsekeredwa. Botolo lapulasitiki ndi lopepuka, ndipo mukangoliponya mu poto limayandama, theka lili kunja. Ngakhale mutalikanikiza, ngati lalowa chozondoka kapena chopendekeka, m'kati mumatsala thumba la mpweya. Pamalo pamene pali mpweyapo madzi sakhudza khoma la botolo, ndipo mpweya wotentha supha tizilombo msanga ngati madzi otentha. Titi nayonso imakonda kusunga kathovu kunsonga kwake, pamalo penipeni polowa m'kamwa mwa mwana. Botolo limene lawira mphindi 20 likuyandama ndi losadalirika kuposa limene lawira mphindi 5 litamira lonse.

Tinenenso malire a njirayi. Mabakiteriya ena, monga Bacillus cereus, amapanga timbewu tachikopa cholimba timene tingapulumuke madzi obwata. Kuchipatala zipangizo za opaleshoni amaziika m'makina a nthunzi yopanikizidwa, yofika madigiri 121, kwa mphindi 15 kapena kuposa, chifukwa poto wamba sangafike pamenepo. Kuwiritsa kunyumba kumapha tizilombo timene timadwalitsa makanda kawirikawiri, ndipo n'kokwanira pa ntchito imeneyi, koma timbewu topulumuka tija tikapeza mkaka wotsalira timaphuka n'kuswana. Apa ndi pamene kutsuka kumaposa kuwiritsa.

Kutsuka kumayamba

Mkaka uli ndi mafuta ndi mapuloteni. Ukauma pa khoma la botolo umasiya kansalu kopyapyala kooneka ngati chifunga, ndipo mukauwiritsa osautsuka umangophikika n'kumamatira kwambiri. Tizilombo tokhala pansi pa kansaluko timatetezeka, ndipo kansalu komweko kamadzakhala chakudya cha tizilombo tatsopano botolo likazizira. Moto suchotsa litsiro.

Mwana akangomaliza kuyamwa, tayani mkaka wotsala ndipo tsukuluzani botolo nthawi yomweyo, mkaka usanaume. Potsuka, sambani m'manja ndi sopo, kenako masulani zonse: botolo palokha, titi payokha, chomangira ndi chivundikiro pazokha. Titi yosiyidwa m'chomangira ndiyo imasunga mkaka wakale kwambiri. Tsukani ndi madzi ofunda a sopo, pogwiritsa ntchito burashi ya mabotolo imene sigwira ntchito ina iliyonse m'nyumba. Titi muitembenuze, muitsuke m'kati, ndipo mufinye madzi a sopo kuti atuluke pa kabowo kake. Tsukuluzani zonse ndi madzi oyera. Musakweche botolo ndi mchenga, phulusa kapena waya wotsukira mapoto, chifukwa zimasiya mikwingwirima imene burashi siidzafikanso. Beseni lotsukira zinthu za mwana likhale lakelake, osati lija mwatsukiramo nsomba kapena nkhuku.

Mukayang'anitsa botolo padzuwa liyenera kuoneka mbee, lopanda chifunga. Mukalinunkhiza lisamveke fungo la mkaka wosasa. Likamveka, tsukaninso musanaganize zotereka poto.

Madzulo amodzi pa mbaula

Tiyerekeze mayi wa ku Dedza amene wabwerera kuntchito mwana ali ndi miyezi inayi. Amafinyira mkaka wake m'kapu, ndipo masana agogo amamwetsa mwanayo ndi botolo. Ali ndi mabotolo atatu apulasitiki, matiti atatu, zomangira ndi zivundikiro zake, ndi chopanira chachitsulo chovuulira zinthu m'madzi otentha. Poto wake ndi wa malita 5, wosungira ntchito imeneyi yokha.

Amathira madzi pafupifupi malita 4. Botolo lililonse amayamba alidzaza madzi kenako n'kuligoneka pansi pa poto, n'kulipendeketsa pakamwa m'mwamba mpaka thovu lomaliza lituluke. Matiti amawafinya ali pansi pa madzi kuti mpweya uchoke. Zikamayandamabe, amasanjikapo mbale yadothi yoyera, yocheperapo kukula kwa poto, kuti izikanikize. Mbali yogwirira zinthu ya chopanira amaimizanso m'madzimo, chifukwa chopanira chosawiritsa chingabwezere tizilombo pa botolo loyera. Madzi amakhala pamwamba pa zinthu zonse ndi zala ziwiri kapena zitatu, kuti ena akaphwa zisaonekere.

Akutereka poto pa mbaula 6:00, makala atayaka kale bwino, n'kuvundikira. Cha m'ma 6:10 timathovu tayamba m'mbali. Akadayamba kuwerenga potereka paja, bwenzi akuphula pano, madzi asanawire n'komwe, ndipo ndi mmene mabotolo ambiri amatulukira mu poto ali ongosambitsidwa madzi ofunda. Pa 6:18 poto akulira. Pa 6:23 chivundikiro chikugwedezeka, ndipo atasuzumira akuona madzi akugudubuzika. Apa ndi pomwe akutchera alamu ya pafoni, kuti ilire 6:33. Ntchito yonse yatenga theka la ola ndi kupitirira, ngakhale kuti nambala imene timaloweza ndi 10. Nthawi yofika pobwata imasintha malinga ndi moto, mphepo ndi kuzizira kwa madzi, ndipo ndi chifukwa chake sitiiwerengera.

Tsopano tinene kuti pa 6:28 akupeza titi imodzi yoiwalika m'beseni, n'kuiponya mu poto. Titi imeneyo sinawire mphindi 5 zapitazo, choncho alamu iyenera kusunthidwa kufika 6:38. N'chimodzimodzi ngati madzi achepa n'kuthiramo ozizira, kapena makala azilala madzi n'kukhala bata, kapena kwa ophika pa magetsi, magetsi akathima pakati. Madzi akaleka kubwata, dikirani abwatenso ndipo muyambirenso kuwerenga. Zingaoneke ngati kuuma mtima, koma ndi njira yokhayo yosafuna kuyerekeza.

Alamu ija imatetezanso mbali ina. Poto woiwalika pamoto amaphwa, pulasitiki n'kugunda chitsulo chotentha, kusungunuka ndi kutulutsa utsi woipa, nthawi zina mpaka kuyaka. Ndipo poto wa malita 4 a madzi obwata ndi ngozi kwa ana oyendayenda pakhomo. Mbaula ikhale pamalo osagwedezeka, kutali ndi posewerera ana, ndipo mayi asawerame pa poto kapena kumunyamula ali ndi mwana kumbuyo kapena m'manja.

Za ku mapiri

Madzi amawira pa madigiri 100 m'malo otsika, ofanana ndi pamwamba pa nyanja yamchere. Mukamakwera, mpweya wopanikiza madzi umachepa, ndipo amawira asanafike pamenepo: pafupifupi digiri imodzi imachoka pa mamita 300 aliwonse. Ku Nsanje, kumene ndi kotsika kwambiri, madzi amawira pafupi ndi 100. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, pa mamita 1,000 ndi kupitirira pang'ono, amawira cha pa 96 kapena 97. Ku Mzuzu ndi ku Lusaka ndi cha pa 96, ndipo ku Dedza, pa mamita pafupifupi 1,600, cha pa 95.

Izi zisadetse nkhawa. Madigiri 95 akadali pamwamba kwambiri pa kutentha kopha tizilombo totsegula m'mimba. Ngakhale pa madzi akumwa, a CDC amangoonjezera nthawi kufika mphindi 3 kumalo okwera kuposa mamita pafupifupi 2,000, monga pamwamba pa Nyika kapena pa phiri la Mulanje. Amene akuwiritsa mphindi 10 waphimba kale kusiyana konseku, ndipo ichi ndi chifukwa china chosankhira 10 m'malo mwa 5.

Poto akaphulidwa

Ntchito yabwino imaonongeka kawirikawiri pa mphindi yotsatira. Malo oyera kwambiri m'nyumba monse pa nthawiyi ndi m'kati mwa poto wovundikira uja, choncho ngati botolo silikufunika msanga, lisiyeni momwemo chivundikirire. Pofuna kutulutsa, sambani m'manja ndi sopo, vuulani ndi chopanira, kutumulani madzi otsalira, ndipo mangani botolo nthawi yomweyo: titi m'chomangira, chomangira pa botolo, chivundikiro pamwamba. Gwirani titi m'mphepete mokha. Musapukute m'kati ndi nsalu ya mbale kapena chitenje, musauzire ndi pakamwa, ndipo musatsukuluze ndi madzi osawiritsa pofuna kuziziritsa. Madontho otsala m'botolo ndi a madzi owira, alibe vuto. Botolo lomangidwa bwino limene latha tsiku lathunthu osagwira ntchito ndi bwino kuliwiritsanso.

Anthu ena amadabwa kuona ufa woyera pa mabotolo ndi pansi pa poto. Ndi mchere wa laimu wa m'madzi, wofala m'madzi a m'mijigo ina, umene umatsalira madzi akawira. Si tizilombo. Ukachuluka umachoka mukaviika zinthuzo m'madzi osakaniza ndi viniga, kenako n'kutsuka bwino musanawiritse. Koma madzi amatope ndi nkhani ina: ayambe adikha ndi kusefedwa ndi nsalu yoyera asanalowe mu poto.

Kuwiritsa tsiku ndi tsiku kumakalambitsa zipangizo, makamaka matiti. Alabala, aja achikasu kapena ofiirira, amafewa ndi kuyamba kunanda msanga kuposa asilikoni, aja oonekera ngati galasi. Musanamwetse mwana kokani titi ndi zala n'kuiyang'ana. Ikakhala yonanda, yotupa, yong'aluka, kapena kabowo katakula moti mkaka ukuchita kutsanuka m'malo modontha, itayeni: ming'alu imasunga tizilombo, ndipo kachidutswa kothothoka kangatsamwitse mwana. Botolo limene lachita mbuu, lakwinyika kapena ladzala mikwingwirima nalonso latha ntchito.

Si pulasitiki iliyonse imene ingawiritsidwe. Pansi pa botolo pamakhala kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala. Nambala 5, kapena zilembo PP, ndi pulasitiki yopirira madzi obwata, ndipo mabotolo ambiri a ana masiku ano ndi amenewa. Nambala 1 ndi ija ya mabotolo a madzi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, imene imakwinyika m'madzi otentha ndipo siyenera kumwetsera khanda. Mabotolo akale olimba ndi owala ngati galasi, ena olembedwa PC kapena nambala 7, angakhale ndi mankhwala otchedwa BPA amene amatuluka kwambiri pulasitiki ikatenthedwa, ndipo mayiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya analetsa mabotolo a ana oterewa mu 2011. Pogula mabotolo ogwiritsidwa kale ntchito pa msika, chizindikirochi chiyang'anidwe. Botolo lagalasi limapirira kuwira kwa zaka, koma lilowe mu poto madzi akadali ozizira kuti litenthe pamodzi nawo, chifukwa kuliponya m'madzi obwata kapena kulithira madzi ozizira likadali lotentha kungaliswe.

Kangati, ndipo mpaka liti?

A NHS amati zipangizo zonse zomwetsera mwana zizitetezedwa chonchi mpaka atakwanitsa miyezi 12. A CDC amatsindika kuchita zimenezi kamodzi pa tsiku kwa mwana wosakwana miyezi iwiri, wobadwa masiku asanakwane, kapena wofooka chitetezo cha m'thupi, koma amalankhula ndi mabanja amene ambiri ali ndi madzi otetezedwa a pampopi ndi mafiriji. Kumene madzi ndi okayikitsa, kunja kukutentha ndipo firiji palibe, njira yodalirika ndi yoti botolo lililonse litsukidwe ndi kuwiritsidwa lisanagwirenso ntchito. Kuti makala asathe, ndi bwino kukhala ndi mabotolo angapo n'kuwawiritsa pamodzi, monga anachitira mayi wa ku Dedza uja.

Botolo lowiritsa bwino silichotsa tizilombo ta mu mkaka wothiridwamo. Mkaka waufa wa m'chitini, ngakhale chosatsegula, ungakhale ndi mabakiteriya ochepa monga Cronobacter, amene ndi oopsa kwa makanda ongobadwa kumene. N'chifukwa chake malangizo a WHO aja amati ufawo usungunulidwe ndi madzi owiritsa amene akadali otentha madigiri osachepera 70, kutanthauza kuti asakhale mphindi zoposa 30 chiphulireni, kenako botolo liziziritsidwe kunja kwake ndi madzi ozizira mwana asanamwe. Madzi amenewa akhale atsopano, owiritsidwa paokha, osati aja munawiritsira mabotolo. Mkaka wokonza umene watha maola awiri osamwedwa utayidwe.

Achipatala amalimbikitsa kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyamba, ndipo bere silifuna poto kapena makala. Koma alipo ana amasiye, ana a amayi odwala kwambiri, ndi a amayi ogwira ntchito kutali, amene ayenera kumwetsedwa ndi munthu wina. Ngati banja likuona kuti silingakwanitse nkhuni, madzi ndi nthawi yowiritsira mabotolo tsiku lililonse, kapu yaing'ono yopanda chivundikiro ndi yotetezeka kuposa botolo lotsukidwa mwa apo ndi apo. Kapu ilibe titi, ilibe mizere yopotera, siitsekera mpweya ikamizidwa, ndipo litsiro lake limaoneka ndi maso. Ngakhale ana obadwa masiku asanakwane amamwetsedwa ndi kapu m'zipatala zathu: mwana amakhazikidwa chotsamira, mlomo wa kapu ukugunda mlomo wake wam'munsi, mkaka ukungofika m'mphepete kuti azimwa yekha pang'onopang'ono, osamuthira m'kamwa. Anamwino kusikelo amaonetsa kagwiridwe kake, ndipo kapuyo imatsukidwa ndi sopo n'kuwiritsidwa mu poto yemweyo, mphindi 10 kuchokera pamene madzi abwata.